Ndichonge bwanji ma riviyu oti ambiri angofotokozanso buku lonse?

Anzanga ophunzitsa ndithandizeni maganizo. Ndinapatsa ophunzira anga ntchito yoti alembe riviyu ya buku, masamba atatu, ndipo ndinawauza kuti chidule chisapitirire tsamba limodzi, otsalawo aunike bukulo. Pa malikisi 20 ndinaika 5 a chidule, 10 a kuunika, 5 a kalembedwe.

Ndiye pali mapepala awiri andiimitsa mutu. Wina walemba masamba awiri ndi theka akungolondoloza mutu ndi mutu zomwe wolemba wanena, zolondola bwinobwino moti ukuchita kuona kuti bukulo analiwerengadi, koma kuunika kwake ndi ndime imodzi kumapeto, yoti buku ndi labwino aliyense awerenge, osanena chifukwa. Winayo chidule ndi mizere inayi basi kenako wayamba kutsutsa, akuti umboni wa m'mutu wachitatu ndi wochepa ndipo wapereka ndi tsamba lomwe, mfundo zakupsa ndithu, koma munthu woti bukulo sanaliwerenge sangadziwe kuti likukamba za chiyani.

Ndimalemba C m'mbali mwa ndime ya chidule ndi K pa ya kuunika kenako nkuwerenga, koma zikundivuta pa ndime zosakaniza, zoti akufotokoza kwinaku akuweruza, zomwe kwa ine ndiye zabwino kwambiri.

Woyambayo ndimpatse 5 yonse ya chidule kapena ndimdule poti wapyola malire? Ndikuopa kumulanga kawiri, poti pa kuunika wataya kale. Nanga wachiwiriyu chidule chochepa chimutsitsenso pa kuunika? Inu mumatani?