Pulani ya nyumba yabwera pa foni, ndiiwerenga bwanji?

Nambewe: Akuluakulu ndithandizeni. Ndili ku Joni kuno, mlongo wanga wanditumizira chithunzi cha pulani ya nyumba yomwe tikufuna kumanga kumudzi. M'munsi mwa pepala alemba 1:100. Ndayeza chipinda chogona ndi lula pa foni pomwepo, chakwana masentimita 2 okha. Ndiye kuti chipindacho ndi cha mamita awiri? Bedi ilowamo koma? Palinso timizere tokhota pamakomo ndi zilembo D1, W2, sindikuzimva.

Che Jumbe: 1:100 ndiye kuti sentimita imodzi papepala ndi mita imodzi pansi. Mamita awiri amenewo achemwali. Akujambulirani khola la nkhuku, abweze ndalama.

Bambo Phiri, omanga: Che Jumbe sikeloyo mwaimasulira bwino, koma imagwira papepala lenilenilo basi. Chithunzi cha pa foni chimakula ndi kuchepa mukachikoka ndi zala, ndipo ngati anajambula foni itapendekeka, mbali ina imafupika. Ngakhale pepala limanamiza: pulani ya pepala lalikulu la A1 akaisindikiza pa pepala laling'ono la A3, 1:100 ija yasanduka 1:200 ngakhale pansi palembedwabe 1:100.

Mayi, lula muisiye. Werengani manambala ali pamizere ya m'mbali mwa makoma. Amakhala mamilimita, ndiye 3000 ndi mamita atatu. Ngati sakuoneka, yezani khomo lolowera panja, nthawi zambiri limakhala la 900. Tinene kuti pa foni lakwana mamilimita 6 ndipo chipinda chakwana 20. Gawani 20 ndi 6, muchulukitse ndi 900, mupeza 3000. Musakokenso chithunzi pakati pa kuyeza kuwiriku. Izi n'zongokupatsani chithunzithunzi, osakumbira nazo maziko.

Kamzere kokhotako kakusonyeza komwe chitseko chidzazungulire potsegula. Zenera ndi pomwe khoma ladukiza n'kukhala timizere topyapyala mkati mwake. D ndi chitseko, W ndi zenera, kukula kwake kumalembedwa patsamba lina. Muwauze atumizenso limenelo.

Mai a Tadala: Kamzere kokhotako musakapeputse. Kwanga chitseko cha kuchipinda chimagunda wadilopu, timalowa chammbali mpaka lero.

Gift: Njerwa zowotcha ndili nazo, ndipezeni ku inbokisi.

Nambewe: Zikomo bambo Phiri. Ndakulitsa, paoneka 3000 ndithu, mtima pansi. Nanga makoma ena akuoneka onenepa, ena owonda, walakwitsa kujambula?

Bambo Phiri: Sanalakwitse. Onenepawo ndi akunja, pafupifupi 230, njerwa ziwiri zogundana. Owondawo ndi odula zipinda, cha m'ma 115. Koma onetsetsani pomwe timitanda ta mzere wa 3000 uja tathera. Ngati tathera kunja kwa makoma onse awiri, chotsani 230 ndi 115, mkati mwatsala 2655, pulasitala asanadyeko.

Che Jumbe: Mwaona? Sindinali kutali kwenikweni ine.

Nambewe: Pamene pali timitandapo ndi pomwe pepala linapindika, sipakuoneka. Ndamuuza aliyale patebulo, ajambule foni ili pamwamba penipeni. Akuti mawa kukacha, magetsi azima.