Kodi umboni wakuti kachilombo ndiko kayambitsa matenda umakwanira bwanji ngati sikamera m'mbale?

Anzanga amene munaphunzira za tizilombo toyambitsa matenda, ndithandizeni. Ndikuwerenga mfundo zotsimikizira kuti kachilombo ndiko kayambitsa matenda, za Robert Koch, uja anapeza kachilombo ka chifuwa chachikulu mu 1882. Mfundozo zimati kachilombo kapezeke mwa odwala onse koma osati mwa athanzi, kachotsedwe ndi kumeretsedwa pakokha m'mbale, kadwalitse nyama yathanzi ikabayidwa nako, kenako kapezekenso mwa nyamayo.

Pamene pandisokoneza ndi pa khate. Dokotala wina dzina lake Hansen anakaona kachilombo kake mu 1873, koma mpaka lero sikamera m'mbale ya chakudya chopanga. Amakachulukitsa m'mapazi a mbewa. Ndiye kuti mfundo yachiwiri yagwa. Nanga amene akachotsa m'phazi la mbewa amatsimikiza bwanji kuti sikanasakanikirane ndi kena? Apa mpamene pagona nkhawa yanga, chifukwa cholinga chomeretsa pakokha nchakuti kachilombo kena kasabisale m'menemo nkukhala kuti ndiko kakudwalitsa.

Mfundo yoyamba nayo imandivuta, poti anthu ena amakhala ndi kachilombo ka kolera m'matumbo osatsekula m'mimba.

Ndamva kuti masiku ano amafufuza DNA ya kachilombo m'zilonda, nkuona ngati imachepa wodwala akamachira. Koma kachilombo kangathe kungochuluka pachilonda chimene chinayamba ndi china. Kodi umboni wotere paokha ngwokwanira, kapena pamafunika chiyaninso kuti tinene motsimikiza kuti kameneka ndiko kayambitsa?