Apu yolumikiza otumiza katundu ndi a thiransipoti: ndalama tizipeza pati?

Chikondi (Turffontein): Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Apu yanga ija yatha miyezi 7 ili pa Google Play. Munthu wofuna kutumiza katundu kumudzi amalemba kuti ali ndi chiyani, kaya firiji, matiresi kapena zikwama za shangani, ali kuti kuno ku Joni, ndiponso katunduyo akatsikire kuti. A thiransipoti amaona pempholo n'kumuimbira. Anthu 1,200 anaiika pafoni, koma oitsegula pa tsiku ndi 150 basi. Seva, mauthenga ndi mapu zikundidyera R650 pa mwezi, yochoka m'thumba mwanga. Ndinaikamo zotsatsa za AdMob, mwezi wathawu zabweretsa R144. Ndiwonjezere zotsatsa, ndiyambe kulipiritsa pa mwezi, kapena ndizidula komishoni?

Yamikani: Achimwene, kachikwangwani kam'munsi kaja sikalipira. Ikani zodzaza sikirini yonse, munthu akangotumiza pempho ione. Zimenezo mtengo wake ndi wokwera. Komanso uzani anyamata anu azidinako tsiku lililonse.

Mayi Nabanda (Randburg): Yamikani, zodzaza sikirini zimalipiradi kuposa kachikwangwani, pamenepo mwanena zoona. Koma zouza anzanu kuti azidina musayerekeze. Google imaona mafoni omwewo akudina mobwerezabwereza, imatcha zimenezo invalid traffic, ndipo akaunti imatha kutsekedwa ndalama zili momwemo.

Chikondi, tiyeni tiwerengere limodzi. Tsegulani AdMob muone manambala awiri, impressions ndi eCPM. Yoyambayo ndi kuchuluka kwa maulendo amene chotsatsa chaoneka, yachiwiriyo ndi ndalama zomwe mumalandira chikaoneka ka 1,000.

```
ndalama = impressions / 1000 * eCPM
```

Anthu 150, aliyense akaona zinayi pa tsiku, ndiye kuti 600 pa tsiku, 18,000 pa mwezi. Ngati mwapeza R144, eCPM yanu ili pa R8. Kuti mungobweza R650 ya seva mukufunika kuti zioneke koposa ka 81,000. Anthu amenewo muwatenga kuti? Apu yanu si ya mpira kapena ya nkhani yoti munthu azikhalapo madzulo onse. Amalowa, walemba za firiji yake, watuluka. Ngakhale mtengo utakwera kawiri ndi zodzaza sikirini zija, mufika pa R288, uku mukumuthera bandulo munthu amene wagula deta ya R10 pa sipaza.

Chikondi: Mwalasa, mayi. eCPM ikuonetsa R8 yeniyeniyo. Nanga ndikati aliyense azilipira R20 pa mwezi?

Mayi Nabanda: Dzifunseni kuti munthu amatumiza katundu kangati pa chaka. Ambiri amene ndikuwadziwa ndi kawiri kapena katatu, makamaka chakumapeto kwa chaka. Kulipira pa mwezi kumayenda pa chinthu chimene munthu amachifuna sabata iliyonse. Wotumiza matiresi mu Disembala sangalole kudulidwa R20 mu Febuluwale. China, malipiro a pa mwezi odzera mu Google Play amadulidwa 15 peresenti, ndipo ambiri mwa anthu athu alibe khadi loti n'kulumikiza kumeneko. Amalandira malipiro pamanja, kumudzi amatumiza pa Mukuru kapena Hello Paisa.

Bambo Phiri (Mayfair): Pepani, ine za makompyuta sindizidziwa, anandilowetsa muno ndi mphwanga. Ndili ndi baki ndi ngolo, ndimanyamuka kawiri pa mwezi kudzera Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza. Ngati nkhani ndi yoti apu izilipira msonkho wa pachipata m'malo mwathu, imeneyo ndiye ingatithandize kwambiri, chifukwa makasitomala amakana kuti sitinagwirizane za msonkho.

Chikondi: Ayi bambo, za msonkho sindikhudzako. Ndikufunsa mmene ine mwini apu ndingapezere kangachepe. Koma poti mwabwera, ndikufunseni: nditati pa katundu aliyense amene mwamupeza kudzera mwa ine muzindipatsa R5 pa R100 iliyonse, mungavomere?

Bambo Phiri: Mwana wanga, ndikuuze zoona. Kuvomera ndingavomere, koma udzadziwa bwanji? Kasitomala akandiimbira, mtengo timakambirana pa WhatsApp. Ena amapereka theka kuno, theka linalo m'bale wawo amandipatsa m'makwacha ndikafika ku Mangochi. Ulendo wotsatira sadzeranso kwa iwe, nambala yanga ali nayo kale.

Mayi Nabanda: Bambo Phiri anena zimene ndimafuna kufikapo. Papepala komishoni ndiyo imaoneka yonona. Chikondi, mapempho enieni mumalandira angati pa mwezi, ndipo mtengo wake umakhala pati?

Chikondi: Pafupifupi 60. Mtengo wapakatikati ndi R900.

Mayi Nabanda: Ndiye R45 kuchulukitsa ka 60, R2,700. Koma komishoni imagwira pokhapokha ndalama zikamadzera m'manja mwanu, monga amachitira a Uber kapena a Bolt pa ulendo wolipira ndi khadi. Kwa inu sizidzeramo. Mukhoza kudziyesa nokha lero: werengani kuti batani loonetsa nambala ya kasitomala ladinidwa kangati, muyerekeze ndi ntchito zomwe zalembedwa kuti zatheka.

Chikondi: Ndaona. Mwezi wathawu ladinidwa ka 210. Zolembedwa kuti zatheka ndi 11.

Mayi Nabanda: Ndiye komishoni yanu ikanakhala ya ntchito 11, R495, ndipo mukangoyamba kudula, ngakhale 11 amenewo asiya kulemba. Mukati muzisunga ndalama za kasitomala mpaka katundu afike, mwalowa nkhani ina. Kusunga ndalama za anthu ena kuli ndi malamulo ake kuno, ndipo firiji ikafika ku Lilongwe itaphwanyika, onse awiri adzathamangira kwa inu.

Ine ndikanalipiritsa pamene muli ndi mphamvu, pa nambala ija. Kasitomala asalipire kanthu. Wa thiransipoti aziona katundu, dera ndi kumene akupita kwaulere, koma kuti aone nambala azilipira R15 kuchokera pa ndalama zimene waikiratu. Pempho limodzi lisatsegulidwe ndi anthu oposa atatu, apo ayi adzaona ngati akugula mphepo. Mapempho 60 akatsegulidwa kawiri lililonse, ndi R1,800.

Yamikani: Ine pamenepo ndikukayika. Munthu alipire R15, aimbe, apeze kuti kasitomala amangofunsa mtengo. Kachitatu asiya. Bwanji osangoti R200 pa mwezi kwa wa thiransipoti aliyense, aziona zonse? Mwa a thiransipoti 18 amene analembetsa, atalipira 8 okha ndi R1,600, ndipo palibe kukangana za nambala imodziimodzi.

Bambo Phiri: Ya pa mwezi ndingalipire mu Novembala ndi Disembala, ngolo imadzaza mpaka ena kuwabweza. Mu Januwale ayi, anthu ndalama zathera ku sukulu. Ya R15 ndiyo yandikomera, bola nambala ikakhala yosagwira uzindibwezera.

Mayi Nabanda: Kubweza n'kofunikadi. Ndipo kasitomala azitsimikiza nambala yake ndi kodi ya pa uthenga, komanso avomereze kuti iperekedwe kwa a thiransipoti, chifukwa lamulo la POPIA, loteteza zinsinsi za anthu kuno, limakhudza zimenezo. Yamikani, nkhawa yanu ya ongofunsa mitengo sindikuitsutsa, idzaoneka poyesa.

Yamikani: Nanga Google? Malipiro a ntchito yogwirika ngati kunyamula katundu sadzera mu Google Play Billing, zimenezo n'zodziwika. Koma apa wa thiransipoti sakulipira kunyamula, akugula mwayi woona nambala mkati mwa apu. Sadzati chimenecho n'cha pa intaneti, chidzere kwa iwo?

Mayi Nabanda: Funso limenelo ndi lenileni. Chikondi, werengani tsamba la Payments policy musanaike batani lolipirira mu apu, ndipo ngati n'kotheka afunseni kudzera mu Play Console.

Chikondi: Ndiwalembera usiku uno. Pakadali pano sindilemba kodi ya malipiro. Ndisankha a thiransipoti asanu, aliyense aike R150 pa PayShap kapena pamanja tikakumana ku Park Station, ine ndiziwonjezera manambala 10 pa akaunti yake ndekha. Ndiyesa milungu 6, ndiwerenge amene abwerenso kudzaika kachiwiri. Bambo Phiri, ndingayambe ndi inu?

Bambo Phiri: Ndikunyamuka Lachisanu. Undipeze Lachinayi madzulo tikamapakira, uone wekha mmene anthu amalipirira.