Manijala wa chigayo akukana makina opindulitsa chifukwa cha bonasi ya ROI

Tiyamike:
Akuluakulu anzanga a ntchito ya maakaunti, ndithandizeni maganizo chifukwa bodi ikumana Lachisanu ndipo mutu wandizungulira. Kampani yathu ili ndi nthambi ziwiri ku Kanengo, ya chigayo ndi ya malole, ndipo mamanijala onse awiri amalandira bonasi potengera ROI ya nthambi yawo, kutanthauza phindu monga peresenti ya mpamba. Nthambi ya chigayo ili ndi mpamba wa K800 miliyoni ndipo imapanga phindu la K320 miliyoni pachaka, zomwe ndi 40 peresenti. Tsopano pali makina opakira ufa a K200 miliyoni, amene tawerengera kuti azibweretsa K64 miliyoni pachaka titachotsa kale dipulisiyeshoni. Imeneyo ndi 32 peresenti, pamene bodi inagwirizana kuti mpamba umatidya 28 peresenti. Manijala wa chigayo wakanitsitsa kusayina, ndipo chifukwa chake ndachiona ndekha pa shiti: akawalandira makinawo, phindu likhala K384 miliyoni pa mpamba wa K1 biliyoni, ROI itsika kufika pa 38.4, ndipo bonasi yake idulidwa.

Chondipsetsa mtima kwambiri ndi chakuti mnzake wa malole, amene ali pa 20 peresenti (K100 miliyoni pa mpamba wa K500 miliyoni), akukakamira lole ya K100 miliyoni yobweretsa K24 miliyoni yokha, poti ROI yake ikwera kufika pa 20.7. Ndiye kuti wopindulitsayo akukana chinthu chabwino, wofookayo akupempha chinthu chosabweza ngakhale mtengo wa mpamba, ndipo ndondomeko yathu ikuwawombera m'manja onse awiri. Ndikufuna kupempha bodi kuti chaka chikubwerachi tisinthire ku RI, kutanthauza phindu lotsala titachotsa mtengo wa mpamba. Alipo amene anachitapo zimenezi, ndipo zinatha bwanji?

Bambo Chirwa:
Mayi Tiyamike, musasinthe kanthu. Peresenti ndiyo imene mwini ndalama amaimva, ndipo ndi yokhayo imene imakulolani kuyerekeza nthambi yaikulu ndi yaing'ono popanda kukondera. Manijala amene akukana kusayinayo ndi wamwano chabe, ndipo mankhwala ake ndi kalata yochokera kwa mkulu wa kampani, osati kusintha njira yowerengera.

Mayi Gondwe:
Bambo Chirwa, ine sindikuona mwano pamenepa. Munthuyo akuchita chimene kampani inamuuza kuti idzamulipirira. Vuto ndi lakuti ROI imamuchititsa kuyerekeza ntchito yatsopano iliyonse ndi avereji ya nthambi yake, pamene kampani imafuna kuti aiyerekeze ndi mtengo wa mpamba. Kwa wa chigayo mpanda wodumpha wasanduka 40, kwa wa malole wasanduka 20, pamene mpanda weniweni wa onse awiri ndi 28. Ntchito iliyonse yogwera pakati pa 28 ndi 40 wa chigayo aikana ngakhale ikulemeretsa kampani, ndipo iliyonse yogwera pakati pa 20 ndi 28 wa malole aifuna ngakhale ikuisaukitsa.

Mayi Tiyamike, onjezani kolamu imodzi pa shiti yanuyo, phindu likhale mu B, mpamba mu C:

```
=B2-0.28*C2
```

Chigayo chisanagule makina chikhala ndi K320 miliyoni kuchotsa K224 miliyoni, kutsala K96 miliyoni. Chikagula, mukhala mukuchotsa K280 miliyoni pa K384 miliyoni, ndipo K104 miliyoni yotsalayo ikusonyeza kuti makinawo awonjezera K8 miliyoni. Nthambi ya malole ili kale pansi ndi K40 miliyoni, ndipo ikagula lole ija itsikira pansi ndi K44 miliyoni. Mukaionetsa bodi mizere inayi imeneyi, simufunikanso kulankhula zambiri za kumene kusemphanaku kukuchokera.

Bambo Chirwa:
Mwandithandiza kunena mfundo yanga, Mayi Gondwe. Mwaika K96 miliyoni pambali pa nambala yopita pansi, ndiye bodi iganiza chiyani? Nthambi yaikulu nthawi zonse idzaoneka yanzeru pa RI chifukwa cha kukula kwake basi. Nthambi ya mpamba wa K2 biliyoni yopanga 30 peresenti itsala ndi K40 miliyoni, pamene kanthambi ka K100 miliyoni kopanga 50 peresenti katsala ndi K22 miliyoni yokha. Mundiuze kuti manijala waluso ndi uti pa awiriwa. Ine ndikuti peresenti ikhale.

Mayi Gondwe:
Pamenepo mwanena zoona, ndipo n'chifukwa chake palibe amene amapereka bonasi pofoletsa nthambi potengera kukula kwa RI. Nthambi iliyonse imapatsidwa RI yake ya mu bajeti, ndipo manijala amayezedwa ndi mmene wapyolera nambala imeneyo kapena mmene waikwezera poyerekeza ndi chaka chatha. Wa malole akachoka pa K40 miliyoni ya pansi n'kufika pa K25 miliyoni ya pansi, wagwira ntchito yoyenera bonasi ngakhale nambala yake idakali yofiira. Kuweruza nthambi ndi kuweruza munthu woiyendetsa ndi mafunso awiri osiyana.

Limbani:
Pepani akuluakulu, ine ndine wongoyamba kumene, koma ndimaona ngati nkhaniyi ndi ya NPV, ija yobweza pa mtengo wa lero ndalama zonse zimene makinawo adzabweretse n'kuchotsapo ndalama zowagulira. Ngati makinawo ali ndi NPV yabwino, bwanji osangowagula n'kusiya zokangana za ROI ndi RI?

Tiyamike:
A Limbani, NPV tinaiwerengera kalekale ndipo ili bwino, pafupifupi K63 miliyoni, pa K104 miliyoni yolowa chaka chilichonse kwa zaka zisanu tisanachotse dipulisiyeshoni. Funso langa si lakuti makinawo ndi abwino kapena ayi. Funso ndi lakuti timuyeze bwanji munthu woti akawayendetse, kuti asamadane ndi chinthu chimene kampani ikuchifuna. Bodi ikhoza kumukakamiza ulendo uno, koma ntchito zina zoterezi sadzazibweretsa n'komwe patebulo, ndipo zimenezo sitidzazidziwa.

Bambo Mvula:
Ine nkhawa yanga ili pa 40 peresenti imeneyo, chifukwa ndikukayika ngati ili yeniyeni. Kumene ndinkagwira ntchito kale tinali ndi manijala wa nthambi ya malole amene aliyense ankamutama, ROI yake ikukwera chaka ndi chaka pamene phindu silinkasuntha. Chinsinsi chinali chakuti mpamba tinkauwerengera pa mtengo wotsala m'mabuku, ndipo malole ake anali atatsala pang'ono kufika pa ziro. Ndinapita ku galaja tsiku lina ndipo ndinapeza lole imodzi itakhazikidwa pa zitsa, matayala ndi giyabokosi atazula kuti akonzere ina imene inafera pa msewu wa ku Kasungu itanyamula chimanga cha kasitomala. Bamboyo anakwezedwa pa udindo, ndipo amene analowa m'malo mwake anayenera kugula malole atsopano, ROI inagwa ndi theka, bodi n'kumuona ngati wolephera.

Ndiye onjezani nkhani ya kwacha. Inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ngati makina a chigayo chanu anagulidwa zaka zimenezi zisanafike ndipo simunawaunikenso mtengo, ndiye kuti mukugawa phindu la kwacha ya lero ndi mpamba wa kwacha yakale, pamene makina atsopanowo mukuwagula pa mtengo wa dola wa lero. Palibe makina atsopano amene angapikisane ndi avereji yotero. Chenjezo langa ndi lakuti RI nayonso ili ndi matenda omwewa, pakuti 28 peresenti yanuyo muichulukitsa ndi nambala yomweyo ya m'mabuku. Makinawo atati aunikidwenso, mpamba wa chigayo n'kufika pa K1.2 biliyoni, muchotsa K336 miliyoni pa K320 miliyoni, ndipo nthambi yanu yonyaditsayo ilowa pansi musanawerengere n'komwe dipulisiyeshoni yokwera.

Bambo Chirwa:
Mwamva nokha kuti RI sichiza kanthu. Ngati njira zonse ziwiri zikudwala mofanana, tikhale ndi imene bodi imaidziwa. Peresenti munthu amaiyerekeza ndi chiwongoladzanja cha kubanki nthawi yomweyo.

Mayi Gondwe:
Sizikudwala mofanana, Bambo Chirwa. Matenda a mtengo wa m'mabuku ali pa zonse ziwiri, koma matenda a avereji ali pa ROI yokha. Komabe, Mayi Tiyamike, musaiuze bodi kuti RI idzagwirizana ndi NPV chaka chilichonse, chifukwa adzakugwirani pakamwa. Pa makina anuwa zinthu zakuyenderani bwino: chaka choyamba RI ndi K8 miliyoni, chachiwiri mpamba watsika kufika pa K160 miliyoni ndipo RI yakwera kufika pa K19.2 miliyoni. Koma tiyerekeze kuti ndalama yolowa pachaka inali K90 miliyoni m'malo mwa K104 miliyoni. NPV ikanakhalabe yabwino, pafupifupi K28 miliyoni, koma phindu likanakhala K50 miliyoni pamene mtengo wa mpamba wa chaka choyamba ndi K56 miliyoni. Manijala akanaona K6 miliyoni ya pansi m'chaka choyamba, ndipo amene kontirakiti yake ikutha posachedwa akanakana chimodzimodzi. RI imafanana ndi NPV pokhapokha muphatikize zaka zonse zisanu mutazibweza pa mtengo wa lero, koma bonasi imalipidwa chaka ndi chaka. Ena amathana nazo posunga gawo la bonasi kwa zaka zitatu, ena pogwiritsa ntchito dipulisiyeshoni yoyamba yochepa n'kumakwera, koma yachiwiriyi imafuna rejisitala yapadera ya katundu ndipo maofesi ambiri amaitaya panjira.

Chinanso, konzekerani nkhondo ya 28 peresenti. Lero mamanijala alibe nayo ntchito chifukwa siwakhudza m'thumba, koma ikangolowa m'bonasi aliyense adzabwera ndi nambala yake. Reserve Bank of Malawi itakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti mu Febuluwale 2024, ngongole za kubanki zinali pamwamba pa pamenepo, ndipo eni masheya amayembekezera zoposa za banki. Wina mu bodi akanena kuti nambala yoyenera ndi 33, K8 miliyoni ija isanduka K2 miliyoni ya pansi. Mulembenso poyera kuti isintha kangati pachaka komanso ngati malole, amene ngozi zake n'zambiri, ayenera kulipira mofanana ndi chigayo.

Bambo Mvula:
Ndipo mufotokoze bwino kuti mpamba mukuutenga tsiku liti. Mukatenga wa tsiku lotseka chaka, mudzaona sitoko ya chimanga ikutha modabwitsa sabata yomaliza, ogulitsa katundu osalipidwa, ndiponso makina akuchedwetsedwa dala kuti afike chaka chitatsekedwa. Tengani avereji ya miyezi yonse khumi ndi iwiri, makamaka pa chigayo, chimene chimadzaza nkhokwe nthawi yokolola. Muchotsemonso katundu amene manijala alibe naye ulamuliro, monga gawo la nyumba ya likulu limene mumangomugawira.

Bambo Chirwa:
Taonani tsono malamulo amene achuluka kuti RI iime. Ine ndikanangosiya ROI, n'kunena kuti makina atsopano asawerengedwe m'bonasi kwa zaka ziwiri zoyamba. Nkhani yatha.

Mayi Gondwe:
Zimenezo zimasula wa chigayo, koma wa malole mwamupatsa lole yaulere kwa zaka ziwiri.

Limbani:
Nanga malole akakhala a lendi, osati ogula, amalowa mu mpamba? Ndikufunsa chifukwa kuyambira 2019 lamulo la maakaunti la IFRS 16 limawaika m'mabuku a kampani, koma kwathu malipoti a nthambi amangoonetsa lendiyo ngati ndalama yotuluka mwezi ndi mwezi, ndipo ndaona kuti manijala wathu wasiyiratu kupempha zogula.