Mwala wa pamphete ukumangogwedera

Yusufu: Akuluakulu, ndithandizeni. Ndinapangira mayi wina wogulitsa nsomba ku Makawa mphete ya siliva 925, mwala wake ndi ganeti wofiirira wa konkuno ku Mangochi, wobulungira, mamilimita 6. Ndinaugwiritsa ndi zikhadabo zinayi. Abwera nayo kawiri mwala ukugwedera, ndapana ndi pulayala kawiri konse. Lero abweranso, chikhadabo chimodzi chakanuka ndipo mwala wabenthuka pang'ono m'chiuno. Akuti inakodwa mu ukonde. Manyazi andigwira, mayiwa ndi kasitomala wanga wakale.

Che Saidi: Usanapanenso, chotsa mwalawo uyang'ane mkati mwa zikhadabo ndi galasi. Unasema pokhalira mwala? Nanga waya wake ndi wonenepa bwanji?

Yusufu: Waya ndi wa mamilimita 0.7, Che Saidi. Kusema sindinaseme, ndinangopinda nsonga pamwamba pa mwala.

Che Saidi: Vuto ndi limenelo mwana wanga. Chikhadabo sichigwira ndi nsonga yokha. Mkati mwake umasema kamphako ndi tupa, kulowa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kunenepa kwa waya, kuti chiuno cha mwala chikhale m'menemo, pansi chitsamire, pamwamba nsonga igone bwinobwino. Timphako tonse tikhale pa msinkhu umodzi, apo ayi mwala umapendekeka. Ukapanda kusema, pakati pa waya ndi mwala pamatsala mpata, ndipo mpata umenewo ndi umene umakola ulusi. Komanso siliva ndi wofewa, 0.7 ndi wowonda kwambiri pa mwala wa mamilimita 6. Ukamapindapinda ndi pulayala amauma, mawa adzangothyoka. Ukamaliza ntchito yotere uzipukuta mpheteyo pa nsalu: ikakoka ulusi, sinathe. Uyigogodenso ndi chala pafupi ndi khutu, mwala wogwedera umamveka.

Phiri wa ku Monkey Bay: Ingodonthezanipo supa guluu pansi pa mwala, achimwene. Ine ndimatero pa mikanda ya azungu obwera kunyanja, palibe anabwezapo.

Mayi Nachisale: A Phiri, guluu ndi wa ngale ndi miyala yosalala kunsi. Pansi pa mwala wosemedwa amaphimba kuwala, ndipo pa dzanja lokhalira m'madzi tsiku lonse samachedwa kumatuka. Makasitomala anuwo amakwera ndege, angabweze bwanji? Ine ndikuti muike zikhadabo zisanu ndi chimodzi. Pa zinayi, chimodzi chikapita mwala wapita, koma pa sikisi zotsalazo zimaugwirabe mpaka munthu aone.

Che Saidi: Zoona mayi, sikisi imateteza kuti mwala usataike. Koma onani pamene wabenthukira: m'chiuno, pakati pa zikhadabo, pamene palibe chitsulo. Ganeti kulimba kwake ndi 7 mpaka 7.5 pa sikelo ya Mohs, si rube wa ku Chimwadzulu amene ali pa 9. Mchenga wa kunyanja uli pa 7, ndiye umamudya pang'onopang'ono. Kwa munthu wogwira mabeseni ndi maukonde ine ndingaike bezeli. Dula kalamba ka siliva kokhuthala 0.5, kazungulire mwala mothina bwino, mkati uwotchererere kamphete kokhalira mwala. Kalambako kapitirire chiuno pang'ono chabe, kakatalika kamachita makwinya ndi kubisa nkhope ya mwala. Pokankha usayende mozungulira. Kankha mbali ina, kenako ya moyang'anana nayo, kenako ziwiri zotsalazo, ndiye uzitseka mipata. Mwala ukhale uli kutali pamene ukuwotcherera, ganeti moto amasweka nawo. Pobenthukapo ngati ndi pochepa, bezeli ipabisa, koma pamenepo ukankhe mofatsa, ndipo mayiwo uwauze.

Mayi Nachisale: Koma ganeti mu bezeli amada, Che Saidi. Ndinaikapo wina, mwini wake anati ndamusinthira mwala.

Che Saidi: Kunsi kusiyeni kotsegula ndipo mkati mupukute muwale. Kuwala kwambiri kumalowera pamwamba.

Mayi Nachisale: Ndinasiya kotsegula, anadabe. Wodera kale amaoneka bwino pa zikhadabo, pamenepo sitigwirizana.

Gift: Poti mwayamba za kugwa kwa miyala, ine ndinachepetsa mphete ya ukwati ya chanelo masaizi awiri, timiyala titatu tagwa sabata yomweyo. Ndinalakwa pati?

Che Saidi: Mu chanelo timiyala timagwiridwa ndi makoma awiri okha, chiuno chilichonse chili mu kangalande kosemedwa m'khomamo. Ukapinda mphete kuti ichepe, makomawo amakanuka, timiyala timamasuka. Ndipo kamodzi kakachoka, anzake amasendera pampatapo. Uyese kalikonse ndi nsonga ya singano, kozungulira kakuuza kuti khoma lifunika kukhomedwanso. Kupitirira saizi imodzi ine ndimakana, ndimati tipange ina.

Yusufu: Ndayang'ana ndi galasi, mpata ulipodi pansi pa nsonga zonse zinayi. Mawa ndidula kalambako, ndiwaonetse mayiwo mwala uli mkati ndisanatseke, aone okha ngati wada.