Kalata youza abwana kuti malipiro anapitirira: ndalama yobweza tilembe iti?

Nabanda: Anzanga a za malipiro, ndithandizeni. Wantchito wina ankagwirizira udindo wa mkulu wake mpaka kumapeto kwa Malichi ndipo ankalandira alawansi ya 80,000 pamwezi. Alawansiyo yatulukabe mu Epulo ndi Meyi. Wazindikira yekha, akufuna kulembera abwana kuti abweze pang'onopang'ono. M'kalatamo alembe 160,000 ya papeyisilipi kapena zimene zinalowadi ku banki?

Chisale: Alembe 160,000 basi, ndiyo imene kampani inatulutsa. Apepese, apemphe miyezi inayi, nkhani yatha.

Mayi Gondwe: A Chisale, nambalayo ndi yoona koma payokha ingamupweteke. Tiyerekeze kuti alawansiyo inadulidwa msonkho wa 25 pa 100 iliyonse. Ndiye kuti 40,000 inapita ku msonkho, m'manja mwake munafika 120,000. Akalemba kuti "ndibweza 160,000", wa ku akaunti n'kumadula 40,000 pamwezi pa ndalama zotsala msonkho utachotsedwa kale, munthuyu wabweza ndi 40,000 imene sanaigwire n'komwe.

M'kalata mukhale nambala zonse ziwiri, ndipo anene njira yobwezera. Ngati azidulidwa pa malipiro, apemphe kuti 40,000 ya mwezi uliwonse izichotsedwa msonkho usanawerengedwe. Akatero msonkho wa mwezi umenewo umatsika wokha ndi 10,000, zolandira zake n'kuchepa ndi 30,000 yokha. Pa miyezi inayi watulutsa 120,000 yeniyeni ija, ndipo mabuku a kampani abwerera pa 160,000. Ngati akufuna kukaika yekha ku akaunti ya kampani, abweze 120,000, za msonkho akonze ndi a kampani potumiza malipoti awo.

Kuti adziwe ngati achita bwino, ayang'ane peyisilipi ya Juni. Zolandira zikatsika ndi 40,000 yathunthu poyerekeza ndi mwezi wabwinobwino wopanda alawansi, ndiye kuti adula pansi, msonkho utachotsedwa kale.

Mwale_wa_masitolo: Koma malamulo salola abwana kungodula malipiro a munthu osamuuza. Kalata imeneyo asaisayine mpaka ataonana ndi a bungwe la ogwira ntchito.

Nabanda: Achimwene, abwana sanalembe kanthu, mwina sakudziwa n'komwe. Wolemba ndi wantchitoyo.

Mayi Gondwe: Komabe a Mwale akhudza pofunika. Kalatayi idzasungidwa mufayilo ngati chilolezo chodulira, choncho mawu oti "mutha kudula mmene mungaonere" asapezekemo. Malire a zimene abwana angadule pamwezi amasiyana dziko ndi dziko, aone lamulo la ntchito la kwawo ndi kontilakiti yake. Pakati pa kalata pamveke motere:

"Ndikukudziwitsani kuti pa malipiro anga a Epulo ndi Meyi panatuluka alawansi yogwirizira udindo ya 80,000 mwezi uliwonse, pamene kugwirizirako kunatha pa 31 Malichi. Zonse pamodzi ndi 160,000 msonkho usanachotsedwe, ndipo mwa kuwerengera kwanga zimene ndinalandira ndi 120,000. Ndikupempha kuti ofesi ya malipiro itsimikize nambalazi polemba ndi kuimitsa alawansiyi. Ndikuvomera kuti muzichotsa 40,000 pamwezi msonkho usanawerengedwe, kuyambira Juni mpaka Sepitembala."

Aphatikizepo makope a mapeyisilipi awiriwo ndi kalata imene inathetsa kugwirizira udindo. Asayine, alembe deti, ndipo kope lake alidinditse kwa wolandira. Kupepesa kwambiri n'kosafunika, analakwitsa si iye.

Chisale: Ndamva, Mayi. Nanga penshoni? Nayo inadulidwa pa alawansiyo, ndiye 120,000 ija iyenera kutsika.

Mayi Gondwe: Zitengera malamulo a thumba lawo la penshoni. M'malo ambiri amawerengera pa malipiro enieni okha, maalawansi sakhudzidwa. Ayerekeze mzere wa penshoni wa Epulo ndi wa mwezi umene analibe alawansi. Ngati ndi wofanana, palibe chosintha.

Kalua: Chimodzi chimene mwasiya: asakaike ndalama ku banki asanayankhidwe polemba. Zimachitika kuti munthu wabweza yekha, risiti yathera kwa osunga ndalama, a malipiro osaiona, mwezi wotsatira n'kudulanso. Komanso anene zimene zidzachitike akasiya ntchito Sepitembala asanakwane, mwachitsanzo kuti chotsala chokha ndicho chidzachotsedwe pa malipiro omaliza.

Nabanda: Nanga chaka cha msonkho chikatha ali pakati pobweza?

Kalua: Pamenepo m'povuta. Kwina makina a malipiro sakonzanso msonkho wa chaka chotsekedwa, wantchito amabweza zonse n'kukaitanitsa yekha msonkho wake. Ine ndingafupikitse miyezi kuti amalize chaka chisanatseke.

Mayi Gondwe: Kufupikitsa n'kwabwino ngati angakwanitse. Pa miyezi iwiri zolandira zake zitsika ndi 60,000 pamwezi. A Nabanda, mufunseni kaye ngati ndalama ija akadali nayo kapena inadyeka.