Za sitetimenti ya penshoni ya amalume: zomwe tapeza

Funso lomwe ndinali nalo linali lakuti: "Amalume akupuma pa uphunzitsi atakwanitsa zaka 60, koma sanalandirepo sitetimenti ya penshoni ngati ya aphunzitsi achinyamata. Kodi ndalama zawo zinasowa?"

Sizinasowe. Mu 2017 boma la Malawi linasamutsira ku thumba la penshoni losonkherana antchito ake a zaka 35 kutsika m'munsi okha. Amalume anatsala ku ndondomeko yakale, yomwe sadula pamalipiro. Penshoni yawo iwerengedwa potengera zaka zomwe agwira ndi malipiro omaliza, choncho chofunika kulondola ndi tsiku lomwe analembedwa ntchito komanso giredi yawo. Tsikulo likalakwika mufayilo, ndalama zimachepa.

Kuti amvetse, tinaonera limodzi sitetimenti ya mnzawo wachinyamata. Tiyerekeze kuti amalandira K300,000. Iye amadulidwa 5 peresenti, K15,000, boma nkuikapo 10 peresenti, K30,000. Mwezi uliwonse pazilowa K45,000, pachaka K540,000, phindu la thumba padera. Peyisilipi ikaonetsa kuti adula koma mweziwo pasitetimenti palibe, ndiye kuti ndalamazo sizinatumizidwe, ndipo kudandaula nkoyenera pomwepo, mapepala akadalipo.